Ndalama zoberekana zabweranso: uti timuyankhe, uti timutsekere chitseko?

 Lero za mtengo wa feteleza ndazisiya kaye. Pali nkhani ina imene imabwera chaka ndi chaka mpunga ukangochoka m'munda. Miyezi ya Juni ndi Julaye, mavenda akayamba kuzungulira ndi ndowa zawo ndipo m'matumba mwa anthu mwayamba kumveka kanthu, ndi pomwe amatulukira anthu a ndalama zoberekana. Mu Febuluwale, nthawi yoti tikudya kamodzi pa tsiku, simungawaone. Nawonso amadziwa nyengo ngati mbalame za mumpunga.

Ambiri mwa inu mumadziwa kale kuti zimenezi ndi zabodza. Chimene chimativuta ndi choti tichite munthu akabwera nazo pamaso pathu. Kodi timuyankhe? Tingomusiya? Timuthamangitse? Ndipo ngati tikumuyankha, tinene chiyani, makamaka akakhala mwana wa mlongo wako? Ine ndakhala tcheya wa banki m'khonde ya kwathu kwa zaka zingapo, ndiye funso limeneli landipeza kangapo. Ndinena mmene ndimachitira.

Pali mlendo wa pa foni. Uyu sindichedwa naye. Uthenga umangofika usiku: ikani K20,000 mulandire K60,000 pakatha masiku 7, imbani nambala iyi. Kapena akuti mwasankhidwa kulandira za Mtukula Pakhomo, tumizani kaye ya fomu. Kapena uja wotchuka, ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ameneyu sayankhidwa. Ngakhale kumutukwana musamutukwane, ndi kutaya mayunitsi. Iye watumiza uthenga womwewo kwa anthu mazanamazana osawadziwa, akungoponya mbedza m'nyanja. Mukayankha, ngakhale kungoti ndinu ndani, mwamuuza kuti nambalayi ili ndi mwini wake ndipo mwini wakeyo amawerenga. Mawa akuimbirani ndi mawu ena, pa nambala ina. Ine ndimangoibuloka nambalayo, uthenga n'kufufuta. Ngati foni yanu ndi ya mabatani yoti kubuloka kukuvutani, mwana wa sukulu akuchitirani.

Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani apa. Pofuna kuchenjeza anzanu, musamatumize uthengawo mmene ulili. Ndaona anthu a mtima wabwino akuutumiza kwa abale khumi, pamwamba n'kulemba kuti samalani ndi izi. Koma nambala ya wakubayo ili momwemo, malonjezo ake ali momwemo. Mwa anthu khumiwo, mmodzi ali ndi mwana wobwezedwa fizi, ndipo mawu anu oti samalani sawaona, aona K60,000. Ndiye kuti mwamugwirira ganyu wakubayo kwaulere. Chenjezani ndi pakamwa panu, nambala ndi dzina la zinthuzo muzisiye.

Wovuta ndi winayu, wobwera ndi miyendo, amene timamudziwa dzina ndi agogo ake omwe. Nthawi zambiri ameneyu si wakuba. Iye mwini analowamo, analandirapo kamodzi kapena kawiri, ndipo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wabweretsa chithandizo kumudzi.

Chaka chatha tinali naye wotere. Mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, amandiitana kuti amalume chifukwa mayi ake ndi ife ndi amodzi. Anafika pa tsiku la msonkhano wathu, bokosi lili lotsegula, amayi akuponya masheya, ndalama zili pa mphasa. Anavala bwino ndithu, foni yaikulu m'manja. Akuti, a tcheya, ndipatseniko mphindi zisanu ndilankhule ndi makolo anga.

Apa ndi pamene munthu wotsogolera ayenera kuima, osanyengerera. Ndinati, mphwanga, takulandira, khala apo pa mthunzi. Bokosi likakhala lotsegula mlendo salankhula, ndi lamulo la gulu. Tikatseka ndi makiyi onse atatu, ndikumvetsera.

Ena amati kumeneko n'kuuma mtima. Koma taganizani. Anthu makumi awiri asonkhana chifukwa cha gulu, si chifukwa cha iye. Sanawaitane ndi iye, sanavutike kuwasonkhanitsa. Akalankhula pamenepo ine nditakhala chete pa mpando, mayi wa zaka 60 amene sadziwa kuwerenga aganiza chiyani? Aganiza kuti a tcheya akuzidziwa, avomereza. Kukhala chete kwa mwini bwalo anthu amakutenga ngati chidindo. Zinthu zikadzagwa sadzati mnyamata uja anatinamiza, adzati tinazimva ku gulu la aujeni. N'chimodzimodzi pa maliro, pa mpingo, pa msonkhano wa sikimu kapena pakhonde la nyumba yanu. Pamene anthu asonkhana m'dzina lanu, wotsatsa zimenezi sapatsidwa bwalo. Ndipo koposa zonse sapatsidwa bwalo ndalama zili poyera, chifukwa ndi nthawi yomwe mitima imakhala yofewa.

Koma kungomuletsa basi sikokwanira, chifukwa anthu amuona kale, foni aiona kale, ndipo madzulo amutsatira mmodzimmodzi kuseri. Uyu ayenera kuyankhidwa, ndipo ayankhidwe anthu akumva. Titatseka bokosi ndinati amene akufuna atsale. Anatsala pafupifupi onse.

Nkhani yake inali iyi. Mukaika K50,000, mwezi uliwonse mumalandira K15,000, ndipo K50,000 yanuyo imakhalabe yanu. Mukabweretsa munthu wina, akupatsani K5,000 pa mutu uliwonse. Anationetsa pa foni manambala obiriwira akukwera, ndi zithunzi za anthu atanyamula mitolo ya ndalama pafupi ndi galimoto. Anationetsanso uthenga weniweni wosonyeza kuti K15,000 inalowadi mu foni mwake. Umenewo sindinautsutse. Inalowadi.

Sindinanene kuti ndiwe wakuba. Mawu amenewo musamawatchule, abale anga. Choyamba, mulibe umboni, ndipo mutha kukapezeka kwa amfumu mukulipa nkhuku kapena mbuzi chifukwa choipitsa dzina la mwana wa eni. Chachiwiri, mukamunyoza pagulu, amene analowa kale mobisa achita manyazi, abisala, ndipo kuti adzitsimikizire kuti si opusa awonjezera ndalama zina. Ndewu yanu ikhale ndi ndalamayo, osati ndi munthuyo.

Ndinangofunsa kuti, mphwanga, K15,000 imeneyi ikuchokera kuti? Ndani akuipanga, akugulitsa chiyani?

Akuti, amalume, ndalamazi amakachita nazo malonda a ndalama zakunja pa intaneti, pali akatswiri.

Ndinati chabwino, tiyeni tiwerenge ngati mmene timawerengera tsiku logawana. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale koma masamu a ndalama sandiphonya. Ndinatola kamtengo n'kulemba pansi. Tilipo anthu 20. Aliyense akaika K50,000, zonse pamodzi ndi K1,000,000. Iwe watibweretsa tonse, ndiye ako ndi K5,000 kuchulukitsa ndi 20, K100,000. Zatsala K900,000. Mwezi woyamba aliyense alandire K15,000, ndiye kuti K300,000 yatuluka, zatsala K600,000. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi, zatsala K300,000. Mwezi wachitatu mphika wauma. Aliyense walandira K45,000, akuvina, akuuza apongozi ake kuti zinthuzi n'zoona. Koma K45,000 imeneyo ndi yake yomwe ija, ndipo yaperewera ndi K5,000. Apa ndawerenga ngati mwini zinthuzo ndi mngelo, sanatengepo ngakhale tambala. Mwezi wachinayi adzalipira ndi chiyani ngati sipalowa anthu atsopano? Ndi chifukwa chake amalipira munthu wobweretsa mnzake. Wogulitsa usipa sakulipirani kuti mumubweretsere munthu wodzamusungitsa ndalama, amafuna wogula usipa.

Mayi wina anati, koma a tcheya, ifenso muno timabwereketsa pa 20 pa 100 pa mwezi, nanga 30 yavuta pati? Funso limeneli ndinalikonda, chifukwa ndi pomwe anthu a kumudzi timagwera. Ife tinazolowera chiwongola dzanja chachikulu, cha banki m'khonde ndi cha katapila, ndiye 30 pa 100 satidabwitsa. Ndinati, mayi, mukabwereka K50,000 muno n'kubweza K60,000, K10,000 yapamwambayo tonse tikudziwa kumene yachokera. Tinakuonani mukukwera galimoto ya ku Songwe kukaoda zitenje, tinakuonani mukugulitsa pa msika. Mukalephera kubweza, nyumba yanu tikuidziwa, mbuzi zanu tikuzidziwa, amfumu anu tikuwadziwa. Komanso si mwezi uliwonse ndalama zonse zimabwerekedwa, ndipo pena wina amalephera, n'chifukwa chake tsiku logawana phindu silifanana chaka ndi chaka. Nanga awa akulonjeza 30 mwezi uliwonse osaphonya, kugwe chilala kusefukire madzi, ndi malonda anji amene sadziwa kuluza? Mpunga wa Kilombero womwewu, kufesa pa nazale, kuwokera, kupalira, kuingitsa mbalame, kumweta, kupuntha, miyezi ndithu, ndipo chaka china North Rukuru kapena Lufilya akakwiya umangotsala ndi matope.

Kenaka ndinamufunsa mnyamatayo lachiwiri. Mwini zinthuzi ngati amathadi kupanga 30 pa 100 mwezi uliwonse, K50,000 yake akamangoibwezera momwemo, pakutha chaka ipitirira K1,100,000. Munthu wotere K50,000 ya mayi wogulitsa zitumbuwa akuifuniranji? Bwanji osapita ku banki, kumene chiwongola dzanja chimene amatenga pa chaka chathunthu sichitalikirana kwenikweni ndi chimene iye akulonjeza pa mwezi umodzi? Mnyamata anati akufuna kuthandiza osauka. Amayi anaseka okha, ine sindinawonjezerepo.

Za kubweretsa anthuzi palinso masamu ake, ndipo ndimakonda kuwauza achinyamata. Ena mwa magulu amenewa amati aliyense abweretse anthu asanu. Asanuwo abweretse asanu aliyense, akhala 25. Kenaka 125, kenaka 625. Mukapitiriza choncho, pa mzere wa nambala 8 pakufunika anthu 390,625. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lonse la Karonga lili ndi anthu pafupifupi 365,000, kuwerenga ndi makanda omwe. Ndiye kuti pofika pamenepo Karonga yense watha, ndipo anthu akuperewerabe. Zinthuzi zikamafika kumudzi kwathu kuno, zadutsa kale ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ife sitikhala a mzere woyamba. Timakhala a pansi, olipirira amene anadya kale.

Si zachilendo ayi. Anzathu a kutsidya kwa Songwe akuikumbukira DECI, imene boma la Tanzania linaiimitsa mu 2009. Ena mwa oitsogolera anali abusa a mipingo, ndipo mawu amene ankagwiritsa ntchito anali athu omwe a kumunda: kuika ndalama ankati kudzala mbewu, kulandira ankati kukolola. Anthu ambirimbiri anadzala, zokolola sanazione. Inu a ku Joni mukuikumbukira MMM, ya mkulu wa ku Russia dzina lake Sergei Mavrodi. Inagwa kwawo mu 1994, n'kudzatulukiranso kuno ku Africa ikulonjeza 30 pa 100 pa mwezi, nambala yomweyi ya mphwangayu. Mu 2016 inaliza anthu ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria. Dzina limasintha, mtundu wa malaya umasintha, masamu ndi omwewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso lomaliza limene ndinamufunsa ndi lalifupi, ndipo inunso muzilisunga. Kodi ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi chosunga ndalama za anthu? Ndipo ndalama tikutumiza pa dzina la ndani? Apa anationetsa chithunzi cha pepala lokhala ndi chidindo, losonyeza kuti kampaniyo inalembetsedwa. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi china, chilolezo chotolera ndalama za anthu n'kumalonjeza phindu ndi chinanso. Wa golosale nayenso ali ndi pepala lolembetsa. Ndipo titayang'ana nambala yotumizako ndalama, dzina lotuluka linali la munthu wamba, lachimayi, limene mnyamatayo sankalidziwa n'komwe. Akuti mwezi wathawo inali nambala ina.

Zonsezi sizinatenge nthawi yaitali, ndipo zisamatenge nthawi yaitali. Mukayamba kukokana naye mpaka dzuwa kulowa, iye ndi amene akupindula, chifukwa dzina la zinthu zakezo likungomvekamveka ndipo anawaphunzitsa yankho la funso lililonse. Funsani mafunso anu awiri atatu, nenani pamene mwaima, mutseke. Ine ndinatseka chonchi: abale, ndalama ya m'thumba mwanu ndi yanu, sindingakuletseni. Koma mumve ndi makutu anu kuti ine sindikulowa, sindikuvomereza, ndipo wina asadzatchule dzina langa kapena la gulu lino pa nkhani imeneyi. Ndalama ya m'bokosi siibwerekedwa kuti ikalowe kumeneko. Mlembi analemba mawu amenewa m'kaundula.

Mawu oti sindikuvomereza ayenera kumveka bwinobwino, chifukwa anthu amenewa amakonda kuyenda ndi mayina a anzawo. Amakafika pakhomo lina n'kunena kuti ngakhale a tcheya ndakambirana nawo. Ndi zoona, anakambirana nane, koma sanena kuti ndinati chiyani. Mukamva kuti dzina lanu likuyenda chonchi, musadikire. Nenani pa msonkhano wotsatira, nenani ku tchalitchi pa zolengeza, auzeni amfumu.

Madzulo ake ndinamuitana mnyamatayo payekha, chifukwa za pagulu ndi zina, za pachibale ndi zina. Ndinati, mphwanga, waikamo zingati? Akuti K150,000, ina yake, ina ya mayi ake ya mpunga. Ndinati sindikukuuza kuti undikhulupirire. Yesa chinthu chimodzi: usiku uno pempha ndalama zako zonse, osati phindu lokha, zonse. Akakupatsa ubwere udzandiseke. Yesero limeneli ndi labwino kuposa mtsutso uliwonse, chifukwa munthu amadzionera yekha.

Patapita masiku atatu anabwera ali wozizira. Poyamba anamuuza kuti netiweki ikuvuta. Kenaka akuti ndalama yake inakhomedwa mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Atalimbikira, akuti atha kumutsegulira koma atumize kaye K30,000 ya msonkho. Pa foni manambala obiriwira aja anali akukwerabe, akusonyeza kuti ali ndi ndalama zoposa K200,000. Ndinamuuza kuti K30,000 imeneyo asatumize. Ndalama yako ikafuna ndalama ina kuti ituluke, dziwa kuti kulibe. Akanakhala oona akanangodula msonkhowo pa zomwe akuti akukusungirazo. Sanatumize. K150,000 ija sinabwere, kupatula K15,000 ziwiri zimene analandira poyamba. Koma amayi a m'gulu lathu palibe amene analowa, ndipo mnyamatayo timapatsana moni, anabwera kudzandithandiza kupuntha chaka chino.

Wina akagwa kale, kumuseka ayi. Chofunika ndi changu. Asafufute uthenga uliwonse, makamaka uja wotsimikiza kuti ndalama yapita, chifukwa uli ndi nambala, dzina, tsiku ndi nambala ya kutumizako. Apa ndi posiyana ndi mlendo wa pa foni uja: ngati simunatumize kanthu fufutani, ngati munatumiza sungani zonse. Aimbire kampani ya foni yake tsiku lomwelo, kaya ndi Airtel Money kaya ndi Mpamba, kenaka akanene ku polisi. Sindikulonjezani kuti ndalama ibwera, chifukwa akuba amaitapa msanga, koma nambalayo ikanenedwa itha kutsekedwa isanalize ena. Ngati anapereka nambala yake yachinsinsi kwa wina aliyense, aisinthe pompo. Ndipo achenjere ndi foni yachiwiri. Pakapita sabata kapena ziwiri amaimba ena, akuti ndife a ofesi yothandiza obedwa, tikubwezerani ndalama zanu, tumizani kaye K10,000 yotsegulira fayilo. Nambala yanu aitenga kuti, ndipo adziwa bwanji kuti munabedwa? Ndi omwe aja, kapena anzawo.

Tsono inu a m'tauni, pang'ono ndi inu. Zambiri mwa zinthuzi zimafika kuno kudzera mwa inu. Mwana ali ku Lilongwe akaimba kuti amayi, gulitsani matumba awiri mutumize ndikuikireni, mayi safunsa, chifukwa wa m'tauni ndiye wophunzira. Ngati mukufuna kuyesa mwayi, yesani ndi malipiro anu, mpunga wa kumudzi muusiye. Kwacha inagwa mu Meyi 2022, inagwanso kwambiri mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga matumba m'nyumba anaona okha kuti mpunga unakwera nawo mtengo, pamene ndalama ya pepala inafooka. Mayi akagulitsa matumba awiri mu Julaye n'kutaya ndalamayo, mu Januwale adzagula mpunga womwewo pa mtengo wokwera, ndipo foni yopempha idzalira kwa inu nomwe.

Komanso akakuimbirani a kumudzi kuti kwabwera zakutizakuti, tilowe kodi, musangoti zaboza izo n'kudula foni. Mayi akamva choncho amaganiza kuti mwana akundiona wopusa, ndipo mawa salankhulanso nanu, akalowa mwakachetechete. Afunseni kuti wabwera nazo ndani, akuti ndalama ikuchokera kuti, ikutumizidwa pa dzina la ndani. Awerengereni masamu a anthu 20 aja pang'onopang'ono, ndi ndowa za mpunga ngati makwacha akuwasokoneza. Akanena kuti koma mai aujeni alandira kale, avomereni kuti inde alandiradi, kenaka afunseni kuti mai aujeniwo anayesapo kutapa zonse zimene anaika.

Msonkhano wathu ukubwerawu tikambirana zoika lamulo la mlendo lija m'malamulo olembedwa a gulu, chifukwa mpaka pano linali la pakamwa. Atcheya a magulu ena a ku Wovwe, ku Hara ndi ku Lufilya, ngati kwanu munalemba kale, tumizani mawu ake kudzera kwa aliyense wobwera kuno, tione mmene munaikira za chindapusa kwa membala amene wabwereka ndalama ya m'bokosi n'kukaiponya kumeneko. Pamenepo ndi pamene amayi athu sanagwirizanebe.